Lipoti la nkhani ya kalata yosiya ntchito ya mayi wa ku ofesi ya zachuma ku Limbe

Mayi amene nkhani yake ndikulongosola pano anafika ku ofesi kwanga pakati pa mwezi wa Meyi atanyamula makalata awiri osiya ntchito, ndipo pempho lawo linali lakuti ndiwauze imene akapereke kwa abwana awo. Ine ndimagwira ntchito yolangiza anthu pa nkhani za pantchito, ndipo ndisanayambe ntchito imeneyi ndinakhala zaka zambiri mbali inayo ya tebulo, ndikulandira makalata otere m'malo mwa olemba anthu ntchito. Sindidzatchula dzina la mayiwa kapena la kampani yawo. Chokwanira kudziwa ndi chakuti inali kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe, ndipo iwo anali atagwirapo ntchito ya ukalaliki wa zachuma kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi inayi, akulandira K520,000 pamwezi.

Kalata yoyamba analemba okha usiku, pamanja, ndipo inadzaza masamba asanu a kope. Inali ndi zonse zimene zinawawawa mumtima kuyambira chaka chimene anayamba ntchito: mawu achipongwe amene manijala anawayankhula pamaso pa makasitomala, chikaiko chawo chakuti manijalayo amadya ndalama za kampani, mphekesera yokhudza manijalayo ndi mtsikana wina wa pakauntala, ndiponso maina a anzawo atatu amene, malinga ndi iwo, akanatha kuchitira umboni. Pamalo ena cholembera chinaboola pepala chifukwa cha kudinikiza. Kalata yachiwiri anawalembera ndi achimwene awo, amene ndi mphunzitsi, ndipo inali ya mizere inayi yotayipa bwino m'Chingerezi, monga mmene makalata a m'maofesi athu amalembedwera. Inkanena kuti akusiya ntchito pa zifukwa za iwo eni, kuti akupereka notisi ya mwezi umodzi, ndiponso kuti akuthokoza kampani chifukwa cha chisamaliro chabwino chimene analandira pa zaka zonsezi. Achimwenewo anawauza kuti: "Achemwali, musatseke khomo ndi mwala, dziko lino ndi laling'ono ndipo mabwana amadziwana."

Ndinawauza kuti sindingasankhe pakati pa makalata awiriwo ndisanamve chimene chikuwachotsa pantchito, chifukwa funso lakuti munthu alembe zifukwa kapena asalembe silimayankhidwa poyang'ana ulemu kapena mkwiyo. Limayankhidwa poyang'ana ntchito imene kalatayo idzagwire ikachoka m'manja mwa mwini wake. Kalata yosiya ntchito imalowa m'failo, ndipo amene adzaiwerenge mwachidwi si bwana amene wailandira tsiku limenelo, koma munthu wachilendo, kaya wa ku ofesi ya leba kaya wa ku khoti la za ntchito, amene sanakhalepo pamene zinthu zinkachitika ndipo adzakhulupirira pepala kuposa kukumbukira kwa wina aliyense.

Zimene zinachitika

Titakhala pansi ndi kuyala mapepala awo patebulo, nkhani inaoneka motere. M'mwezi wa Febuluwale mayiwa anazindikira, chifukwa cha ntchito yawo, kuti ndalama za penshoni zimene zinkadulidwa pa malipiro a antchito sizinkafika ku kampani yosunga penshoni kwa miyezi ingapo. Lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azidulidwa 5 peresenti ndipo wolemba ntchito aziwonjezera 10 peresenti, ndipo ndalama zonsezi si za kampani ayi. Pa 12 Febuluwale analemba memo yaifupi kwa manijala kufunsa za nkhaniyi, ndipo mwamwayi anasunga kope lake. Pa 3 Malichi anauzidwa pakamwa kuti achoke ku ofesi ya zachuma akakhale ku nyumba yosungira katundu, kukawerenga makatoni olowa ndi otuluka. Kumapeto kwa Malichi peisilipi yawo inaonetsa K400,000 m'malo mwa K520,000, ndipo kumapeto kwa Epulo zinali chimodzimodzi. Sanapatsidwe kalata ya chenjezo, sanaitanidwe ku bwalo lililonse lomva mbali yawo, ndipo sanasainire kusintha kulikonse kwa kontrakiti yawo.

Nditamva izi ndinadziwa kuti kalata ya achimwene awo, ngakhale inalembedwa ndi mtima wowateteza, ndi imene inali yoopsa kwambiri pa ziwirizo. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 lili ndi gawo 60, limene limati wantchito ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano wake popanda notisi, kapena ndi notisi yochepa, ngati khalidwe la wolemba ntchito lafika poti nkosayenera kuyembekezera kuti munthuyo apitirize kugwira ntchito. Gawo 58 limawerengera kusiya ntchito kotereku ngati kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, ngakhale kuti ndi wantchitoyo amene walemba kalata. Koma pali kusiyana kumodzi kumene anthu ambiri sakudziwa. Pamene bwana wachotsa munthu, gawo 61 limaika pa bwanayo udindo wopereka chifukwa, ndipo akalephera, lamulo limangoti kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Pamene munthu wachoka yekha n'kumati anakakamizika, udindowo umatembenuka, ndipo ndi wantchito amene ayenera kuonetsa chimene chinachititsa kuti asathe kupitiriza. Munthu amene wanyamula udindo wotere, n'kukhala kuti analemba ndi dzanja lake kuti akuchoka pa zifukwa za iye mwini ndipo akuthokoza chifukwa cha chisamaliro chabwino, wapereka kwa mnzake wa mlandu umboni wabwino koposa umene akanaufuna. Ndinaonapo pamene ndinali mbali ya kampani kuti kalata yotere imatulutsidwa m'failo ndi kuwerengedwa mokweza, ndipo wodandaulayo amatsala akufotokoza kuti sankatanthauza zimene analemba.

Ndinawerengera mayiwa ndalama zimene zinali pachiswe, kuti asankhe akudziwa. Kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, ndalama yosiyanirana, imene pantchito timaitcha sevaransi, siperekedwa kwa munthu amene wangosiya ntchito mwa kufuna kwake. Imaperekedwa kwa amene wachotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena mavuto a kampani, ndiponso kwa amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Muyezo wake ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, ndi masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufikira chakhumi. Malipiro a K520,000 pamwezi, tikachulukitsa ndi 12 n'kugawa ndi 52, amatipatsa K120,000 pasabata, kotero zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu zinkapereka masabata 16, amene ndi K1,920,000. Pamwamba pa izi, gawo 63 limati chipukuta misozi cha munthu amene wagwira zaka zoposa zisanu koma zosapitirira khumi chisachepere malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, amene pano ndi masabata 14, kapena K1,680,000. Zonse pamodzi zinali K3,600,000, ndipo ndinawachenjeza kuti iyi si ndalama yolonjezedwa, koma ndi imene angathe kuifunsa ngati angatsimikize nkhani yawo. Kalata ya mizere inayi sikanatsekeratu njira imeneyi mwa lamulo, koma ikanaipangitsa kukhala yotsetsereka kwambiri.

Chifukwa chimene ndinakanira kalata ya masamba asanu

Mayiwa atamva izi anaganiza kuti ndikuvomereza kalata yawo ya pamanja, ndipo anakhumudwa nditawauza kuti nayonso sipita. Tinaiwerenga limodzi ndime ndi ndime, ndipo pa ndime iliyonse ndinkafunsa funso limodzi, lakuti ali ndi chiyani m'manja chimene chingaonetse kuti zimenezi ndi zoona. Pa nkhani ya kutsitsidwa malipiro anali ndi mapeisilipi atatu, ya Febuluwale, ya Malichi ndi ya Epulo. Pa nkhani ya penshoni anali ndi memo yawo. Pa nkhani yakuti manijala amaba analibe kanthu koma chikaiko, ndipo pa nkhani ya mtsikana wa pakauntala analibe ngakhale chikaiko chawochawo, koma zongomva.

Ndinawafotokozera kuti kulemba kuti munthu ndi wakuba, m'kalata imene idzadutse m'manja mwa mlembi, wa ku ofesi ya antchito ndi eni kampani, kungathe kuwabweretsera mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo ngakhale mlanduwo utapanda kubwera, kampani idzatenga chinenezo chofookacho n'kuchisandutsa mutu wa nkhani yonse. M'malo mokambirana chifukwa chimene malipiro anatsikira popanda mgwirizano, aliyense adzakhala akukambirana ngati mayiwa angatsimikize za kuba, ndipo akalephera pamenepo, zoona zawo zinanso zidzaoneka ngati zochokera mu mkwiyo womwewo. Maina a anzawo atatu aja ndinawapempha kuti awachotse pa chifukwa china, chimene kwa ine ndi cha chikumbumtima: anthuwo anali kutsala pantchito, anali ndi ana a sukulu, ndipo palibe amene anawafunsa ngati akufuna kutchulidwa. Mboni imatchulidwa pamene yavomera ndiponso pamene yafunika, osati m'kalata imene bwana adzaiwerenge mboniyo itakhala pa desiki loyandikana naye.

Panalinso vuto lina m'kalata yaitaliyo limene mwini wake sakanaliona. Inkayamba ndi zodandaula za zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo wowerenga aliyense wa malamulo akanafunsa kuti ngati zinthu zinali zosapiririka kuyambira kalekale, chifukwa chiyani anakhalabe. Mfundo imeneyi ndi yakale. Mu 1977 woweruza wa ku Mangalande, Lord Denning, ananena kuti wantchito amene walakwiridwa ayenera kupanga chiganizo posachedwa, chifukwa akapitiriza kugwira ntchito kwa nthawi yaitali osachoka amaoneka ngati wavomereza zimene zachitika, ndipo maganizo amenewa amatchulidwanso m'makhoti a kuno kwathu. Kulemba madandaulo onse a zaka zisanu ndi ziwiri kukanamiza chinthu chimodzi chatsopano ndi chachikulu, chimene ndi kutsitsidwa udindo ndi malipiro m'mwezi wa Malichi.

Mfundo yomweyi inandidetsa nkhawa pa nkhani ya mayiwa, chifukwa anali atalandira malipiro otsikawo kawiri popanda kulemba chilichonse chokana. Anati anadandaula pakamwa kangapo, ndipo ndinawakhulupirira, koma kudandaula kwa pakamwa sikusiya mapazi. Choncho ndinawalangiza kuti asapereke kalata yosiya ntchito sabata imeneyo, koma ayambe alemba kalata ya dandaulo. Inali ya ndime ziwiri: inatchula tsiku limene anasamutsidwa ndi ndalama zimene zinadulidwa, inanena kuti iwo sanavomere kusinthaku ndipo akugwira ntchito akukana, ndipo inapempha kuti abwezeredwe pa udindo ndi malipiro awo pasanathe masiku asanu ndi awiri. Anaipereka pa 16 Meyi, ndipo mlembi anadinda ndi kusaina pa kope lawo. Ndinawauza kuti ngati kampani ingakonze zinthu, ndiye kuti nkhani ya kalata yosiya ntchito yasintha, ndipo ngati angadzafunebe kuchoka, ya achimwene awo idzakhala yoyenera. Pa 22 Meyi kunabwera yankho la mizere itatu lonena kuti kusinthako ndi chiganizo cha oyendetsa kampani ndipo sikudzabwezedwa. Yankho limeneli linali lofunika kuposa chilichonse chimene tikanalemba tokha, chifukwa kampani inavomera ndi cholembera chake kuti kusinthako kunachitika ndipo sikanatchula cholakwa chilichonse cha mayiwa.

Pamene ndinalakwitsa

Tsiku limene anabwera ndi yankholi ndi pamene anandiuza, mongodutsa, kuti anali atachita intaviyu ku bungwe lina ndipo akuyembekezera kumva zotsatira. Ili ndi funso limene ndinayenera kufunsa pa tsiku loyamba, ndipo sindinalifunse chifukwa ndinatengeka ndi kuonekera bwino kwa mapepala awo. Linali lofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kampani ikadziwa, ikanatha kunena kuti anachoka chifukwa anapeza ntchito ina, osati chifukwa cha kutsitsidwa. Tinayang'ana masiku, ndipo kalata yawo yofunsira ntchitoyo inalembedwa pa 9 Epulo, patapita sabata ndi masiku ochepa chilandirireni peisilipi yoyamba yotsika, kotero kufunafuna ntchitoko kunali chipatso cha zimene kampani inachita. Ndinawauza kuti nkhaniyi siyenera kulowa m'kalata, koma akafunsidwa asabise, chifukwa bodza limodzi logwidwa limagwetsa umboni wonse.

Chachiwiri chinali cholemera kwambiri, ndipo ndi pamene mawu a achimwene awo anali ndi nzeru zimene sindinafune kuzinyoza. Bungwe latsopanolo likanaimba foni ku kampani yakale kufunsa za iwo, ndipo amene akanayankha ndi manijala yemweyo. Lamulo limathandiza pang'ono pano, chifukwa gawo 31 limati munthu akachoka apatsidwe chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake, ndipo chifukwa chochokera kapena ndemanga pa kagwiridwe kake ka ntchito zimalembedwa pokhapokha mwini wake atapempha. Koma lamulo silimva zimene zimayankhulidwa pa foni, ndipo ndinawauza mosabisa kuti kalata yotchula zifukwa ingathe kuwatayitsa ntchito imene akuyembekezerayo. Ndinawaika patsogolo njira ziwiri monga mmene zinaliri: kalata yaifupi yopanda zifukwa, yochotsa mawu akuti "pa zifukwa za ine mwini" ndi mawu othokoza chisamaliro, imene ikanasunga mtendere koma n'kufooketsa dandaulo lawo, kapena kalata yaifupi yotchula zifukwa, imene ikanalimbitsa dandaulo koma n'kuika pachiswe umboni wa foni. Anapempha kuti akaganize usiku umodzi. M'mawa mwake anandiimbira nati: "Bambo, ndikachoka mwakachetechete ndiye kuti ndavomera kuti ndinalakwa kufunsa za penshoni. Tilembe zifukwazo." Chiganizocho chinali chawo, ndipo akanasankha njira inayo sindikanawaona ngati amantha.

Kalata imene inaperekedwa

Kalata yachitatu inakwana tsamba limodzi, ndipo inalembedwa m'Chingerezi, koma mawu ake m'Chichewa anali awa:

"Ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito, ndipo tsiku langa lomaliza lidzakhala 2 Juni. Pa 12 Febuluwale ndinalemba memo yofunsa za ndalama za penshoni. Pa 3 Malichi ndinachotsedwa pa udindo wanga wa ukalaliki wa zachuma ndi kutumizidwa ku nyumba yosungira katundu, ndipo kuyambira mwezi umenewo malipiro anga anatsitsidwa kuchoka pa K520,000 kufika pa K400,000, popanda ine kuvomera ndiponso popanda kupatsidwa mwayi womveka. Pa 16 Meyi ndinapempha molemba kuti izi zikonzedwe, ndipo pa 22 Meyi munayankha kuti sizidzakonzedwa. Chifukwa cha zimenezi sindingathe kupitiriza kugwira ntchito, ndipo ndikuchoka molingana ndi gawo 60 la lamulo la za ntchito. Ndidzagwiritsa ntchito masiku otsalawa kupereka mabuku ndi makiyi kwa amene mudzamusankhe. Ndikupempha malipiro anga onse otsala, ndalama za masiku anga a tchuthi, ndi chikalata chosonyeza kuti ndinagwira ntchito pano. Kalata ino sikuchotsa ufulu uliwonse umene lamulo limandipatsa."

Wowerenga aona kuti kalatayi sikunena kuti mayiwa anasamutsidwa chifukwa cha memo ya penshoni. Tinakambirana chiganizo chimenechi kwa nthawi yaitali, chifukwa iwo ankafuna chilembedwe ndipo ine ndinkakhulupirira nawo kuti ndi zoona. Koma cholinga cha mumtima mwa manijala sichinali chinthu chimene akanachitsimikiza ndi pepala, pamene masiku awiriwo, 12 Febuluwale ndi 3 Malichi, atayikidwa moyandikana, amayankhula okha kwa aliyense wodziwa kuwerenga. Mulibenso mawu ofotokoza khalidwe la munthu, monga nkhanza kapena chipongwe, ndipo mulibe kuopseza kuti tidzaonana ku khoti, popeza kuopseza sikuwonjezera ufulu uliwonse koma kumaumitsa mitima ya anthu amene mwina mudzafuna kugwirizana nawo.

Nkhani ya notisi inafunika kuisamala payokha. Gawo 29 limati munthu wolandira malipiro a pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo wosapereka amayenera kulipira ndalama ya nthawi imeneyo. Gawo 60 limamasula munthu ku udindo umenewu, koma limamumasula pokhapokha zitavomerezeka kuti anakakamizikadi, ndipo pa tsiku lopereka kalata palibe amene wavomereza. Kuchoka tsiku lomwelo kukanapatsa kampani mpata wonena kuti anathawa osapereka mabuku a katundu, chimene kwa munthu wa zachuma ndi chinenezo choipa, pamene kukhala mwezi wathunthu kukanaoneka kotsutsana ndi mawu akuti zinthu ndi zosapiririka. Tinasankha masiku asanu ndi awiri, tikudziwa kuti kampani ingathe kudula ndalama ya masiku otsalawo. Kalatayo inaperekedwa pa 26 Meyi, ndipo ndinawauza kuti asachoke pa desiki la mlembi kope lawo lisanadindidwe, ndiponso kuti mndandanda wa zonse zimene adzapereke usainidwe ndi wolandirayo.

Zotsatira

Kampani inachitadi zimene tinkayembekezera. Inayankha kuti yalandira kusiya ntchito kwa mwa kufuna kwawo, inadula ndalama ya notisi pa malipiro omaliza, ndipo inabweretsa pepala loti asaine kuti alandira zonse ndipo alibenso dandaulo. Mayiwa anandiimbira ali pakhonde la ofesiyo, ndipo ndinawauza kuti asaine za ndalama zimene alandira zokha, osati mawu otaya ufulu. Lamulo limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochoka kuti munthu akadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lake, ndipo ngati mkuluyo walephera kuthetsa nkhaniyo, imatha kupita ku khoti la za ntchito. Sitinadikire, dandaulo linaperekedwa pa 9 Juni ku ofesi ya leba ya Blantyre, pamodzi ndi mapepala asanu ndi awiri okha: memo, mapeisilipi atatu, kalata ya dandaulo, yankho la kampani ndi kalata yosiya ntchito.

Pa zokambirana, woimira kampani anayamba ndi kunena kuti mayiwa anachoka okha ndipo anali ndi ntchito ina m'maganizo. Mkulu wa leba anawerenga kalata yosiya ntchito, kenako yankho la pa 22 Meyi, n'kufunsa ngati pali pepala limene mayiwa anasainira malipiro atsopanowo kapena umboni wakuti anaitanidwa kudzamveka. Panalibe. Pa msonkhano wachiwiri mbali ziwirizo zinagwirizana kuti kampani ibweze K360,000 ya miyezi itatu imene inadulidwa, ibweze ndalama ya notisi, ilipire masiku a tchuthi otsala, iwonjezere K1,500,000 yothetsera nkhani, ndipo ipereke chikalata cha gawo 31 chopanda chifukwa chochokera. Ndalama yothetsera nkhaniyo inali yosafika theka la K3,600,000 imene tinawerengera, ndipo ndinawauza kuti ku khoti mwina akanapeza zambiri, koma patapita nthawi yaitali ndiponso popanda chitsimikizo, makamaka poganizira miyezi iwiri ija imene analandira malipiro otsika osalemba kanthu. Anasankha kulandira. Nkhani ya penshoni sinathere pamenepo, chifukwa ndi ya antchito onse ndipo woyang'anira wake ndi ofesi yoona za mabungwe azachuma ku banki yaikulu ya dziko lino, kumene ndinawalozera kuti akapereke dandaulo lapadera.

Ntchito ya ku bungwe lija sanaipeze. Anamva kuchokera kwa munthu wa komweko kuti foni inaimbidwa ndipo yankho linali lozizira, ndipo anakhala pakhomo miyezi inayi asanalembedwe ntchito kwina. Ndikulemba izi chifukwa lipoti lonena za ndalama zimene anapeza n'kubisa miyezi inayi imeneyi likanakhala lonama, ndipo achimwene awo anali ndi ufulu wonena kuti anachenjeza.

M'sabata imene nkhaniyi inkatha kunabwera mnyamata wa pa kampani ina, woona za makompyuta, amene anali atapeza ntchito ya malipiro abwino ndipo ankafuna kulemba m'kalata yake kuti akuchoka chifukwa abwana ake samayamikira, amayankhula mwaukali ndipo sanamukweze kwa zaka zitatu. Ndinamufunsa mafunso omwe aja. Malipiro ake sanadulidwepo, udindo wake sunasinthidwe, kontrakiti yake sinalonjeze kukwezedwa, ndipo iye mwini anati sakufuna kudandaula kulikonse, koma akufuna kuti abwanawo adziwe. Kwa iyeyu kutchula zifukwa kukanangomuonongera umboni wa mtsogolo popanda kumupatsa ufulu uliwonse, chifukwa kusayamikira kwa bwana, ngakhale kumapweteka, sikufika pa muyezo wa gawo 60. Ndinamulangiza kuti alembe mizere itatu yonena kuti akusiya ntchito, tsiku lake lomaliza patatha mwezi umodzi, ndi kuti adzapereka ntchito mwadongosolo, ndipo ngati akufunadi kuti abwana ake amve, apemphe mphindi khumi zoyankhula nawo pakamwa m'sabata yake yomaliza, atalandira kale chikalata chake ndi kalata yomutsimikizira ntchito yatsopanoyo. Anafunsa ngati angawonjezere mawu othokoza, ndipo ndinamuuza kuti kwa iye palibe choletsa, malinga athokoze chinthu chimene akuthokozadi. Analemba kuti akuthokoza chifukwa cha maphunziro a miyezi iwiri amene kampani inamulipirira m'chaka chake choyamba, ndipo kalatayo anaipereka tsiku lomwelo.